ALT ndi ALP zakwera: kodi chiwindi cha galu chawonongeka?

"Galu wanga wa zaka 6 akumasanza mwa apo ndi apo ndipo sakudya bwino. Magazi aonetsa ALT 210 pamene malire ndi 125, ALP nayo yakwera pang'ono. Adokotala akufuna kuyezanso asidi wa ndulu. Kodi si kubwereza zomwezo?"

Ayi, si kubwereza, chifukwa kuyeza kuwiriku kumayankha mafunso osiyana. ALT ndi enzaimu imene imakhala m'kati mwa maselo a chiwindi ndipo imatayikira m'magazi maselowo akavulala, choncho imangotiuza kuti china chake chakhudza chiwindi, osati mmene chiwindicho chikugwirira ntchito. ALP, imene ndi enzaimu inanso, ndiye imakwera pa zifukwa zambiri, monga kuyenda movutikira kwa ndulu, mankhwala a masiteroyidi ngakhale odzola pakhungu, kapena mankhwala a khunyu otchedwa fenobabito.

Kwa galu amene akusanza, mfundo imeneyi ndi yaikulu. Magazi ochokera m'matumbo ndi m'kapamba amadutsa kaye m'chiwindi, motero kutupa kwa ziwalo zimenezi kumakweza maenzaimu ngakhale chiwindi chili chabwino. ALT ya 210 siinafike n'kowirikiza kawiri malire, ndipo ineyo ndingayambe kukayikira matumbo kapena kapamba ndisanaloze chala chiwindi.

Asidi wa ndulu amayesa ntchito yeniyeniyo. Galu akadya, ndulu imathiridwa m'matumbo, asidiyo amayamwidwa kumapeto kwa matumbo aang'ono, kenako chiwindi chimamuchotsa m'magazi. Poyeza, galu amakhala maola 12 osadya, amatengedwa magazi, amapatsidwa chakudya chochepa, ndipo pakatha maola awiri amatengedwanso. Zotsatira za atadya zikakhala pansi pa 25 µmol/L, chiwindi chikukwanitsa ntchito yake, ndipo chanzeru n'kufufuza m'matumbo ndi kapamba, kenako kuyezanso ALT pakatha milungu iwiri mpaka inayi. Popeza ALT imatsika ndi theka m'masiku awiri kapena atatu chovulazacho chikatha, nthawi imeneyi ndi yokwanira kuona kusintha. Koma zotsatira za asidi wa ndulu zikafika mwachitsanzo 80, ndiye kuti chiwindi chafooka, ndulu yatsekeka, kapena magazi akuchilambalala, ndipo pakufunika sikani ya m'mimba, mwinanso kudula kachidutswa ka chiwindi kokaunika.

Chonde musatenge zotsatira zabwino ngati chitsimikizo chakuti zonse zili bwino, pakuti chiwindi chimapirira kwambiri, ndipo kutupa kwake koyamba kumene kungakweze ALT yokha asidiyo ali bwinobwino. ALT ikapitiriza kukwera pa kuyeza kotsatira, kufufuza kusalekeke. Magazi amafuta kapena amene maselo ake aphwanyika potenga amasokonezanso zotsatira, ndipo galu akakana chakudya chija kapena akachisanza, muyeso wachiwiri sudalirika.

Ngati maso kapena nkhama zasanduka zachikasu, kapena galu akusokonezeka mutu akadya, musadikire milunguyo, pitani naye kwa dokotala wa ziweto tsiku lomwelo.