"Mulibe Magazi": Mawu Oyenera Pofotokoza Zotsatira za ku Labu

*Ndine namwino, ndimagwira ntchito kusikelo ya amayi oyembekezera. Ndikauza mayi kuti alibe magazi okwanira, ena amagwetsa misozi, ena amafunsa ngati tiwagoneka. Kodi pa Chichewa ndinene bwanji kuti amve zoona koma asachite mantha? Mwachitsanzo, mayi wa pakati pa miyezi isanu, Hb yake 9.5.*

Amayi anamwino, mantha amayamba musanafike n'komwe pa nambalayo. M'kayankhulidwe ka masiku ano, munthu akati "ndikukayezetsa magazi" ambiri amamva kuti akukayezetsa HIV. Choncho mukangoti "zotsatira za magazi anu zatuluka" n'kukhala kaye chete mukuyang'ana m'kabuku, mtima wa mayiyo wapita kale kutali. Tchulani chimene munayeza m'chiganizo choyamba chenichenicho: "Paja tinakutengani magazi pachala kuti tione mphamvu ya magazi anu." Ngati munayezanso malungo, chindoko kapena HIV tsiku lomwelo, chilichonse chinenedwe pachokha, ndi dzina lake.

Tsopano mawu akuti "mulibe magazi". Mawuwa ndi olakwika ngakhale pa zachipatala. Hb siyeza kuchuluka kwa magazi m'thupi ngati mmene tiyezera madzi mu ndowa. Imayeza chinthu chofiira cha m'magazi chimene chimanyamula mpweya kupita nawo m'thupi lonse, kuti chilipo chochuluka bwanji pa mlingo wina wa magazi. Komanso mayi akakhala woyembekezera madzi a m'magazi amachuluka, ndiye Hb imatsikako ngakhale kwa mayi wathanzi. N'chifukwa chake malire a mayi woyembekezera ndi 11 g/dL, pamene a mayi wosayembekezera ndi 12 ndipo a bambo ndi 13. Koma khutu la wodwala likamva "mulibe" kapena "magazi atha", limamva kuti zinthu zafika pothera. Ena amayambanso kudzifunsa kuti magaziwo wawatenga ndani, ndipo nkhani za opopa magazi sizinaiwalike m'midzi yambiri. Nenani kuti "magazi anu achepa mphamvu" kapena "mphamvu ya magazi yatsika".

Chichewa chili ndi kachida kothandiza kwambiri pano, ka "-ko" komwe timaika kumapeto kwa mneni. "Yatsika" ndi "yatsikako" si zofanana: "yatsikako" akutanthauza kuti yatsika, koma osati kufika pansi. Kachidaka kagwiritseni ntchito molingana ndi nambala, osati molingana ndi chisoni chanu. Hb ya 10 mpaka 10.9 ndiyo yoyenera kunena kuti "yatsikako pang'ono". Kuyambira 7 mpaka 9.9, pamene pali mayi wanuyu, chotsani "pang'ono" n'kunena kuti "yatsika, ndipo ikufunika mankhwala". Ikatsika kuposa 7 musafewetse chilichonse: "yatsika kwambiri, lero lomwe muonane ndi dokotala." Ndimaumirira pamenepa chifukwa mayi amene wauzidwa "pang'ono" pa Hb ya 9.5 akhoza kukasiya mapiritsi pawindo, poganiza kuti ndi nkhani yaing'ono.

Pali mawu ena aulemu amene amaopseza mosadziwa. "Pepani" akakhala poyambirira pa nkhani, Mmalawi amayembekezera uthenga wa maliro. "Limbani mtima" ndi mawu a pasiwa. "Mwapezeka ndi" anazolowereka kwambiri pa nkhani ya kachilombo, ndipo amamvekanso ngati munthu wagwidwa ndi chinthu choletsedwa, choncho ndi bwino mwini nkhani akhale magaziwo kapena matendawo: "malungo sanapezeke m'magazi anu." Oopsa koposa ndi akuti "magazi anu sali bwino" kapena "magazi oipa", chifukwa ambiri amawamva ngati matenda opatsirana pogonana, ndipo akakafika kunyumba atha kuyambitsa mlandu m'banja.

Ndiye mayi wa 9.5 uja mungamuuze motere, mutakhala pansi, chitseko chili chotseka:

"Amayi, tinayeza mphamvu ya magazi anu. Kwa mayi woyembekezera timafuna nambala ikhale 11 kapena kuposa. Yanu ili pa 9 ndi theka. Yatsika, ndipo ikufunika mankhwala, koma sinafike poti tikugonekeni kapena kukuikani magazi. Zimenezi timaziona kawirikawiri kwa amayi oyembekezera, chifukwa mwana akamakula amatengako chakudya chopangira magazi m'thupi mwanu. Mwina n'chifukwa chake mwakhala mukutopa msanga. Tikupatsani mapiritsi oti muzimwa tsiku lililonse, ndipo pakatha milungu inayi tidzayezanso tione ngati yakwera."

Taonani kuti nambala ya wodwala yabwera pamodzi ndi nambala yofunikayo. "9.5" payokha siuza munthu kanthu, ndipo "9 ndi theka" amamveka msanga kuposa "naini poyinti faifi". Taonaninso kuti funso lomwe mayiyo akuopa kufunsa, la kugonekedwa ndi kuikidwa magazi, mwaliyankha iye asanafunse.

Chenjerani ndi mneni "kuwonjezera". Mapiritsi a ayironi anthu amawatchula kuti "mankhwala owonjezera magazi", ndipo palibe vuto. Koma mukafupikitsa n'kunena kuti "tikuwonjezerani magazi", mayiyo amva za botolo la magazi ndi singano pamkono. Mawu oti "mapiritsi" asasowe m'chiganizocho.

Za mapiritsiwo nenanitu zimene adzaone, chifukwa mantha ena amadzabwera ali kunyumba. Chimbudzi chimada, ndipo chimenecho si chizindikiro cha matenda. Ena amachita nseru kapena kudzimbidwa. Akhoza kumwa atadya kapena pogona, koma asasiye. Asamwere tiyi, chifukwa tiyi amalepheretsa ayironi kulowa bwino m'thupi, pamene zipatso monga magwafa, malalanje ndi malambe zimathandiza. Pa zakudya musangoti "muzidya zamagulu". Tchulani zomwe ali nazo pafupi: bonongwe, chisoso, nyemba, usipa, matemba. Ngati pakatha milungu inayi nambala sinakwere, funsani kaye ngati mapiritsi akumwedwa, kenaka ganizirani malungo, njoka za m'mimba kapena likodzo, zomwe zimatsitsa magazi ngakhale munthu akumwa mankhwala.

"Musadandaule" sindimawakonda akakhala okha, chifukwa sauza munthu nthawi yoyenera kudandaula. M'malo mwake mupatseni zizindikiro zomubweza kuchipatala tsiku lake lisanakwane: kupuma movutikira ngakhale atangokhala, mtima kugunda mothamanga, chizungulire chofuna kumugwetsa, kutentha thupi, kapena kutaya magazi kulikonse. Munthu akadziwa chimene ayenera kuyang'anira, sakhalira kuopa chilichonse chimene wamva m'thupi.

Pomaliza musafunse kuti "Mwamva?" Mayi waulemu adzati "eya" ngakhale sanamve, pofuna kuti asakuvutitseni. Funsani kuti, "Mukafika kunyumba, abambo kapena apongozi akakufunsani kuti kuchipatala anati chiyani, mukawauza kuti bwanji?" Akayankha kuti "akuti ndilibe magazi", bwerezani pomwepo ndi mawu a "mphamvu" aja, muonetseni nambala ziwiri zija m'kabuku kake, ndipo mulembe pambali pake tsiku lodzayezanso.