Recall sibweza kalata yomwe yatuluka pageti

*"Abale a kuno ku Joni, ndatumiza imelo yolakwika kwa kasitomala wa abwana. Ndadina Recall pa Outlook koma munthuyo wayimba kale foni kuti waiona. Nanga batani limeneli ntchito yake n'chiyani?"*

Achemwali, mwandikumbutsa tsiku limene ndinatuluka thukuta mu Juni, kuzizira konse kuja kwa Joni. Ine ndimagwira ukalaliki pa kampani ina yamathiraki cha ku City Deep. Ndinkatumiza mitengo ya katundu wopita ku Blantyre, koma m'malo momata pepala la kasitomala, ndinamata lathu lam'kati, losonyeza ndalama zimene timalipira mwini thiraki ndi phindu lomwe timaikapo. Chala chitangochoka pa Send, diso linagwera pa dzina la fayiloyo. Miyendo inazizira.

Ndinathamangira kwa mnyamata wathu wamakompyuta. Osadzutsa n'komwe mutu pafoni yake, anangoti "panga Recall, ibwerera." Ndinatsegula Sent Items, kudina kawiri pa imeloyo, File, Info, Resend or Recall, kenako Recall This Message. Mtima unakhala pansi, mpaka ndinakathira tiyi. Tiyiyo asanazizire, foni ya abwana inalira. Kasitomala uja anali wa Gmail. Imelo yoyamba inali chikhalire m'bokosi mwake, ndipo pamwamba pake panafika yachiwiri ya mutu woyamba ndi "Recall:", yonena kuti ine "would like to recall the message". Munthu amene mwina akanaiwerenga mawa anaitsegula nthawi yomweyo kuti aone chimene ndikubisa. Abwana anandikalipira pamaso pa madalaivala, ndipo mnyamata uja anakana kuti sanandiuze kanthu. Mpaka lero ndikamuona mtima umandiwawa, chifukwa akanangofunsa funso limodzi: imeloyo yapita kwa ndani?

Nkhani yonse yagona pamenepo. Recall imagwira ntchito inu ndi wolandirayo mukakhala a kampani imodzi, maimelo anu ali pa Exchange kapena Microsoft 365 yomweyo. Apo makina a kampani amatha kulowa m'bokosi la mnzanuyo n'kuichotsa. Koma ikapita kwa wa Gmail, Yahoo kapena kampani ina, yalowa m'nyumba ya eni, makiyi ake mulibe. Outlook imangotumiza pempho basi.

Undo ya pa Gmail nayonso anthu amaimva molakwika. Siitenga kalata kwa munthu ayi. Imangoigwira kaye pakhomo kwa masekondi ochepa isanatuluke. Ngati simunasinthe, ndi masekondi 5 okha, nthawi yosakwana kunena "mayo ine" n'kupeza mbewa ya kompyuta. Pakompyuta lowani pa Settings, See all settings, General, pezani Undo Send, musankhe 30 (palinso 10 ndi 20), mutsike mpaka pansi mudine Save Changes. Nthawiyo ikatha, kamawu ka Undo kamazimiririka ndipo kalata yapita.

Pambuyo pa manyazi aja ndinaika lamulo pa Outlook yakale ija yapakompyuta kuti imelo iliyonse izidikira kaye. Mumapita pa File, Manage Rules & Alerts, New Rule, Apply rule on messages I send, kenako musankhe defer delivery by a number of minutes. Amalola mpaka mphindi 120, ine ndinaika 5. Imelo imakhala mu Outbox, mukaona cholakwika mumaitsegula n'kukonza kapena kuifufuta.

Koma nazonso zinandipweteka. Lachisanu lina ndinatumiza mapepala ofunika kwa wotithandiza pa boda ya Beitbridge, n'kutseka laputopu pompo kuthamangira takisi mzere usanatalike. Lamulo limeneli limayenda Outlook ikakhala yotsegula komanso intaneti ilipo. Imelo inagona mu Outbox mpaka Lolemba m'mawa, dalaivala akudikira pa boda, akundiyimbira foni mokwiya ine ndikulumbira kuti ndatumiza. Mukafuna kudziwa, yang'anani pa Outbox: ngati pali nambala pambali pake, kalata sinachoke. Magetsi akazima n'kuzimitsa intaneti ya muofesi, zimachitikanso chimodzimodzi.

Ngakhale zili choncho, lamulolo liikeni ndithu achemwali, koma mphindi 2 zakwana, ndipo musatseke makina Outbox isanapungulike. Za lerozi, musadinenso Recall kachiwiri, mungomuonjezera uthenga wina. Pitani kwa abwana nokha kasitomalayo asanawapeze, muwauze fayilo yomwe yapita. Kenako tumizani yolondola ndi mawu awiri opepesa, mumupemphe afufute yoyambayo. Adilesi ya wolandira muziilemba pomalizira, mutatsegula kaye fayilo yomwe mwamatayo n'kuona kuti ndi yomweyo.