Takimita ikuwerenga 77 pamene galimoto ikusonyeza 80: vuto lili pati?

Funso: Ndinagula wotchi yakale yopanda batire, yokhala ndi mabatani awiri m'mbali ndi manambala a takimita kuzungulira galasi. Mchimwene wanga akuyendetsa pa msewu wa M1 kuchokera ku Lilongwe kupita ku Dedza, ndinayesa kangapo kilomita imodzi potsatira mita ya mtunda ya galimotoyo. Galimoto inkasonyeza 80, koma wotchi inkandipatsa pafupifupi 77. Kodi wotchiyi ndi yowonongeka?

Yankho: Bambo, musanakayikire makina a m'kati, dinani batani la m'munsi ndipo muyang'anitsitse pamene muvi wautali wa pakati waima. Mawotchi ambiri amene amandifika ndi dandaulo lotere amakhala ndi muvi umene subwerera ndendende pa 12, ndipo eni ake sazindikira chifukwa kusiyanako ndi kochepa kwambiri.

Manambala a takimita ndi masamu amodzi okha olembedwa mozungulira wotchi: `3600 ÷ masekondi`, popeza ola limodzi lili ndi masekondi 3600. Galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola imatha kilomita imodzi m'masekondi 45, ndiye chifukwa chake nambala 80 inalembedwa moyang'anizana ndi 9 koloko, 120 moyang'anizana ndi 6 koloko, ndipo 60 ili pa 12. Tsopano ngati muvi wanu umayambira masekondi awiri kupitirira 12, ndiye kuti masekondi 45 enieni akakwana iwo umakhala utafika pa 47, ndipo 3600 kugawa ndi 47 ndi pafupifupi 77, nambala yomweyo imene mwanditchulira. Liwiro likamakwera kulakwitsako kumakulanso, chifukwa manambala amathinana kwambiri ku mbali ya masekondi ochepa: masekondi awiri omwewo amasandutsa 120 kukhala pafupifupi 112.

Kuyesa kumene ine ndimadalira, ndipo sinditsegula wotchi ndisanakuchite, ndi uku. Pukusani wotchi mpaka sipiring'i itadzaza, muiike pathebulo pamalo owala, ndipo muziyang'ana molunjika kuchokera pamwamba, chifukwa mukayang'anira chammbali muvi umaoneka ngati wapendekera pamene uli bwinobwino. Dinani batani la pamwamba, la pa 2 koloko, muvi uyende mpaka pa masekondi 20, muimitse ndi batani lomwelo, kenaka mubweze ndi la pa 4 koloko. Chitani zimenezi kasanu, nthawi zonse kuchokera pa 20, ndipo muzikumbukira pamene muvi wagwera. Mukatero bwerezani kasanu kuchokera pa masekondi 40. Chifukwa chosankhira mbali ziwirizi n'chakuti pansi pa muviwo pali kachitsulo kooneka ngati mtima, ndipo mukadina batani lobwezera, kanyundo kamamenya mtimawo n'kuutembenuza kudzera njira yaifupi: kuchokera pa 20 muvi umabwerera m'mbuyo, pamene kuchokera pa 40 umathamangira kutsogolo kukafika pa 12.

Zotsatira zake zimaulula vuto. Muvi ukamagwera pamalo amodzimodzi maulendo onse khumi, koma osati pa 12, makina ali bwino, kungoti amene anauika anauika mokhota. Ntchito yake ndi kuuzula n'kuubwezera kanyundo katakanikiza mtima, ndipo ndi yaifupi. Muvi ukamasunthasuntha, n'kumapitirira pang'onopang'ono kumanzere kwa 12 mukamabweza kuchokera pa 20, kenaka n'kuyamba kubwerera kumanja mukamabweza kuchokera pa 40, ndiye kuti ukuterereka: kapaipi kamene kamamangirira muvi pa wilo louyendetsa kakula pakamwa kapena kamasuka pamene kanalumikizidwa ndi muviwo, moti kanyundo kakaimitsa wilo mwadzidzidzi, muvi umapitirira ndi mphamvu yake. Izi ndimaziona kwambiri pa mivi yotchipa yoitanitsa pa intaneti, yopangidwa ndi chitsulo chofewa, ndiponso pa mawotchi amene wina anadonthezapo guluu kuti agulitse msanga. Guluu sagwira pamenepo kwa nthawi yaitali, ndipo akalowa m'munsi amamata wilo loyendetsa muvi lija, ntchito n'kukula kuposa mmene inalili. Koma muvi ukamalephera kufika, n'kutsalira kumanja kwa 12 pochokera pa 20 ndi kumanzere pochokera pa 40, vuto lili pa kanyundo: mafuta auma pamtima, sipiring'i yake yafooka, kapena mutu wake wadyeka. Pamenepo wotchi iyenera kumasulidwa ndi kutsukidwa yonse. Musataye nthawi kufufuza njira yokonzera muvi podina mabatani. Njira imeneyo ndi ya mawotchi a batire, ndipo pa wotchi ya sipiring'i palibe.

Muvi ukapezeka kuti ukugwera pa 12 maulendo onse, wotchiyo ilibe mlandu, ngakhale itakhala yotaya theka la mphindi pa tsiku, chifukwa pa masekondi 45 kutaya kotereku sikuoneka n'komwe. Mita ya liwiro ya magalimoto ambiri imasonyeza mopitirira pang'ono liwiro lenileni, komanso takimita imapereka liwiro la kilomita yonse pamodzi, kuphatikizapo pamene dalaivala anachepetsa moto pa dzenje kapena pa chitunda. Chala chanunso chikhoza kuchedwa, koma chimenecho chimalakwitsa mbali zonse ziwiri, sichingakupatseni 77 ulendo uliwonse.

Malire a takimita muwadziwe. Imawerenga molondola pa ulendo woyamba wokha wa muvi, kuyambira masekondi 9 pamene pali 400, kapena kupitirira pang'ono 7 pamene pali 500, mpaka mphindi imodzi. Chinthu choyenda pansi pa makilomita 60 pa ola chimafuna mtunda waufupi. Wanjinga akatha mamita 100 m'masekondi 18, muvi uima pa 200, ndipo popeza mamita 100 ndi gawo limodzi mwa magawo khumi a kilomita, mugawe ndi 10: akuyenda makilomita 20 pa ola. Lole ikatha theka la kilomita m'masekondi 40, mudzawerenga 90, ndipo liwiro lake ndi 45. Manambalawo sadziwa kilomita kapena mailosi. Mukayeza mailosi imodzi mupeza mailosi pa ola, ndipo mukayeza nthawi imene makina amadzazira thumba limodzi mupeza matumba pa ola.

Za mabatani, chonde, tsatirani dongosolo: kuyambitsa, kuimitsa, kenaka kubweza. Pa makina ambiri batani la m'munsi limakana kulowa muvi ukamayenda, ndipo anthu ena amaganiza kuti lalimba ndi dothi n'kulikakamiza ndi chala chachikulu mpaka kachitsulo ka m'kati kapindike. Mawotchi okhawo opangidwa kuti muvi uzibwerera uli m'kati moyenda ndi amene amalola zimenezo, ndipo ngati simukutsimikiza kuti yanu ndi yotero, itengeni ngati si yotero. Kulimba kwa batani pakokha si matenda. Makina a Valjoux 7750 amafuna kudina kwamphamvu, makamaka poyambitsa, pamene a Seagull ST19 amalowa mofewa, chifukwa zitsulo zotsogolera mabatani zinapangidwa mosiyana. Musadine mabatani wotchi ili m'madzi kapena ili yonyowa, popeza kudinako kumasuntha timphira totchinga madzi, ndipo pa wotchi yakale ngati yanu timphirato tiyenera kuti tinauma kale. Ngati mabataniwo ali ndi mikombero yomangira, imasuleni musanadine ndipo muimangenso mukamaliza.

Mukapita nayo kwa wokonza, mumuuze zimene mwapeza pa maulendo khumi aja, ndipo musanalipire mubwereze kuyesako iye akuona.