Kusankha mizere yambirimbiri mu Excel osagwira mausi

"Abale, ndili ndi fayilo ya Excel ya mizere yoposa 8,000, ndikamakoka ndi mausi kuti ndisankhe kolamu ya ndalama imathamanga mpaka kupitirira. Palibe njira ya pakiyibodi?"

Ilipo achemwali, ndipo mausiyo muisiye kaye pambali. Batani loti muzolowerane nalo ndi Ctrl. Mukaligwira n'kudina muvi uliwonse, Excel imadumpha mpaka pomwe deta yathera mbali imeneyo, ndiye mukawonjezera Shift pamwamba pake imasankhanso zonse zomwe yadutsa. Tinene kuti mitu ili pa mzere 1, mayina ali mu kolamu A, ndalama mu D, ndipo deta yathera pa mzere 8001. Muli pa D2, mwadina izi:

```
Ctrl + Shift + ↓
```

Basi D2 mpaka D8001 yasankhidwa kamodzinkamodzi.

Komatu apa ndi pomwe anthu ambiri amagwera m'mbuna. Excel sidziwa kuti tebulo lanu lathera pati, iyo imangoyenda mpaka ikakumana ndi selo yopanda kanthu n'kuima. Ndiye ngati munthu wa pa mzere 312 sanalipire ndipo D312 munaisiya yopanda kanthu, kusankha kuja kuthera pa D311, inu mukopa, mumata kwina, mutumiza lipoti kwa abwana muli ndi anthu 310 okha mmalo mwa 8,000, ndipo palibe uthenga uliwonse wokuchenjezani. Musanadine Ctrl + C yang'anani nambala ya mzere kumanzereko kuti mwaima pati, komanso pansi penipeni pa sikirini pamalembedwa Count ndi Sum, Count ikakhala 310 dziwani kuti mwaima panjira.

Mukhoza kumangodinabe muviwo mutagwira Ctrl ndi Shift, imadumpha mpata uliwonse n'kupitiriza, koma ngati mipata ili 60 mutopa nazo. Ndipo mukadina kamodzi kowonjezera mupezeka muli pa mzere 1048576, kumapeto kwenikweni kwa shiti. Zikatero musayambirenso, dinani Ctrl + Shift + ↑ kamodzi, ibwerera pa selo yomaliza yomwe ili ndi kanthu.

Ine njira yomwe ndimaikhulupirira pa kolamu ya mipata ndi iyi. Pitani ku kolamu yomwe mukudziwa kuti ndi yodzaza, monga ya mayina ija, dinani Ctrl + ↓ muone kuti mzere womaliza ndi uti. Kenako dinani F5 kapena Ctrl + G, patuluka kabokosi ka Go To, lembani izi n'kudina Enter:

```
D2:D8001
```

Apa mipata ilibenso mphamvu chifukwa malire mwaipatsa ndinu.

Ngati fayiloyo mumaigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku ndi bwino kungoisandutsa tebulo lenileni. Imani pa selo iliyonse ya mkati, Ctrl + T, onetsetsani kuti malire omwe yakuonetsani afikadi pa 8001 komanso pa My table has headers pali chongi, Enter. Kuyambira pamenepo Ctrl + Space imasankha deta ya kolamu yomwe mwaimamo, mipata ndi zonse, osapitirira pansi pa tebulo, mukadinanso kachiwiri imatenga ndi mutu womwe. Kunja kwa tebulo Ctrl + Space yomweyo imatenga kolamu yonse mpaka pa miliyoni paja. Shift + Space ndi ya mzere. Ctrl + A imatenga deta yonse yolumikizana, koma nayonso imaima ikapeza mzere wathunthu wopanda kanthu, nchifukwa chake ndati muziona malire aja.

Ena akuuzani kuti Ctrl + End ndiye yachidule. Eya imagwira, koma imapita pa selo yomaliza yomwe Excel ikuiwerenga kuti inagwiritsidwapo ntchito, ngakhale munafufuta zomwe zinalimo kapena munangopakamo mtundu, ndiye mutha kupezeka pa mzere 20000 pomwe palibe chilichonse. Zikatero chotsani mizere yopanda kanthuyo yonse, osati kungofufuta zamkati, musevenso fayilo, ibwerera m'malo mwake. Ctrl + Home ndi yobwerera pamwamba, ndipo pa malaputopu ena Home ndi End zimafuna mugwirenso Fn.

Kanthu kena kakang'ono koma kokoma, mukasankha mpaka pansi sikirini imatsala kumusi komweko, ndiye mukadina muvi kuti muone pamwamba zonse zomwe munasankha zimachoka. Dinani Ctrl + Backspace, ikubwezerani pa D2 zosankha zili chikhalire. Ndipo mukaona kuti mivi ikungosuntha sikirini selo osasuntha, kiyibodi sinafe ayi, ndi Scroll Lock yayaka, pansi kumanzere palembedwa, muizimitse kaye.