Meseji yopepesa maliro ikumveka youma, ndiikonze bwanji?

"Mnzanga wakuntchito mayi ake atisiya dzulo ku Chibavi. Ndalemba kuti: Ndamva za imfa ya mayi anu, limbani mtima ndi chifuniro cha Mulungu, tonse njira ndi yomweyo, mzimu wawo uuse mumtendere. Koma ikumveka ngati yokopera. Ndithandizeni."

Asisi pepani ndi zovutazo. Choyamba chotsani kaye "limbani mtima" ndi "tonse njira ndi yomweyo". Mawuwo ndi oona inde koma kwa namfedwa wa tsiku limodzi amamveka ngati mukumuuza kuti basi tonthola, pomwe munthu sanayambe n'komwe kulira bwinobwino. Ine bambo anga atatisiya foni inadzadza ndi mameseji otero, ndinkawawerenga usiku pa siwa anthu akuimba panja paja, ndipo lero sindikumbuka olo imodzi, yomwe ndinasunga ndi ya mayi wina amene anangolemba kuti bambo ankamusungira malo pa benchi kutchalitchi Lamulungu lililonse. Ndinalira koma kulira kwake kopepuka.

Ndiye "imfa" ndi liwu lolemera kuliika pamzere woyamba, ife timati zovuta, kapena atisiya. Zachifuniro cha Mulunguzo asiyireni abusa pamwambo, inu ngati mumapempheradi ingonenani kuti mukumupempherera.

Chimene chimapha kukoma kwa meseji yanuyo n'choti mutha kuitumiza pamaliro ena aliwonse osasintha kanthu. Muikemo chinthu chimodzi chokha chimene ndi cha mayiwo basi, ndipo atchuleni mmene ankatchulidwira, mama, kapena a Nyauje monga timachitira kuno kumpoto. Mwachitsanzo:

"Achemwali pepani kwambiri, ndamva kuti mama atisiya, mawu andithera. Ndikukumbukira tsiku lija tinabwera kwanu mvula itatinyowetsa, iwo anatifunditsa zitenje zawo n'kutiphikira tiyi ndi chinangwa, sanalole tichoke tisanaume. Ndibwera ku siwa madzulo ano ndikaweruka, za kuntchito musadandaule ndigwirako mbali yanu. Musavutike kuyankha."

Ngati simunawaonepo mayiwo musapeke nkhani chonde, namfedwa amadziwa. Lembani zomwe mukudziwa, "sindinakumane nawo koma mmene mumawatchulira tsiku ndi tsiku ndimaona kuti anali mnzanu weniweni". Ndipo lonjezani zokhazo zomwe muchitedi, "chilichonse mundiuze" sichithandiza poti wofedwa sakhala ndi mphamvu zopempha, bola kunena kuti ndibweretsa shuga ndi nkhuni, kapena ndidzakhala nanu mpaka kumanda ku Zolozolo ngati akaikidwe konkuno.

Zina ziwiri, musafunse kuti amadwala chani mu meseji yoyamba, adzakuuzani okha. Chipepeso cha pa Mpamba tumizani pachokha mawu atatsogola kale, ndipo mumulembere kumbali osati mu gulupu ya kuntchito momwe aliyense akungomata zilembo zachidule zija.