Kugawa chidule cha kafukufuku m'mitu inayi

"Chidule cha kafukufuku wanga wa mbatata ya kachewere ku Dedza ndi ndime imodzi ya mawu 400. Akufuna mawu 250, m'mitu inayi. Ndiyambire pati?"

Musathamangire kudula, achimwene. Yambani mwaika chizindikiro pa chiganizo chilichonse, B, M, R kapena C, kenako musonkhanitse zofanana pansi pa Background, Methods, Results ndi Conclusion.

Kawirikawiri Background ndiye amatupa. Musiyireni mawu ngati 40, ofotokoza vuto ndi cholinga basi. Methods atenge 70, Results 100, otsalawo Conclusion.

Chovuta ndi ziganizo zosakaniza. "Tinapopera mankhwala, zokolola zinakwera" chigaweni pawiri: kupoperako kupite ku Methods, pamodzi ndi chiwerengero cha minda ndi nyengo yake. Kukwerako kupite ku Results, koma mutchule makilogalamu pa hekitala, chifukwa "zinakwera" payekha sauza munthu kanthu. Mu Conclusion musalowetse chimene Results sanaonetse.