Za wotchi ya mwana ija

"Asuweni, inu a choko tandiuzeni. Aphunzitsi akuti mwanayu sakutha kuwerenga nthawi. Ndimugulire wotchi yanji kuno ku Kasungu boma, ya manambala ngati pa foni kapena ya mivi?"

Eee, asuweni, mwaswera bwanji kumeneko? Ndamva, ndamva. Koma inu musatinamize ife, nkhani si yogula wotchi ayi. Mwanayo wabwera ndi kope lake, munajambulidwa timawotchi, wakufunsani, inu mwayang'ana kumbali n'kumati pita ukafunse bambo ako. Ndikunama? Kuyambira muja munagula foni, wotchi ya mivi munasiyana nayo moni. Ndalamayo gulani ndiwo, wotchi tipanga ya katoni.

Dikirani kaye ndiphule mphikawu... eya.

Mukuikumbukira wotchi ya malume aakulu, ija anabwera nayo ku Joni? Ya lamba wachitsulo, yochita kupotokola kachitsulo ka m'mbali m'mawa uliwonse. Munthu sumaikhudza imene ija, ngakhale azakhali. Ndiye chaka chija cha ukwati wosachitika uja, ayi ndanama, chinali chaka chotsatira, denga la khitchini litasasuka kale, malume akupachika fodya m'chigafa anaimenyetsa pa mtengo. Galasi phwaa! Muvi wautali unathothoka n'kugwera m'zinyalala za fodya. Tinausaka ana tonse mpaka dzuwa kulowa, inu munali m'gulu lomwelo koma munkangolira kuti fodya akukuyabwani m'maso. Sunapezeke.

Aliyense anati basi yatha ntchito. Malume ayi. Anamatapo kapulasitiki n'kumavalabe, ya muvi umodzi, waufupi wokhawo. Anthu ku Santhe ankawaseka pa msika, kumawafunsa dala, "Akulu, nthawi ili bwanji?" Iwo osatekeseka, kukweza mkono mwaulemu wake, kuyang'ana nthawi yaitali ngati akuwerenga kalata, kenako, "Yachoka pa 10, ili pakati pa njira. Hafu pasiti 10." Wina akayang'ana yake ya mivi yonse n'kupeza ndi zoona, mwina kusiyana mphindi zitatu kapena zisanu. Ndipo kutchalitchi sankachedwa. Ochedwa anali azakhali, omwe anali ndi wotchi yabwinobwino pakhoma, ija ankaphimba ndi kansalu kuti isade.

Ndimati chiyani kodi... eya, mwana. Chimene malume ankachitacho ndiye phunziro lonse. Ola limanenedwa ndi muvi waufupi. Ana amasokonezeka chifukwa timawapatsa mivi iwiri tsiku limodzi, ndiye diso limathamangira wautaliwo poti ndi umene ukuoneka kwambiri.

Ndiye chitani chonchi. Tengani katoni, vindikirani mbale, zungulizani ndi cholembera. Manambala musayambe 1, 2, 3 motsatana, mudzapeza malo atha muli pa 9. Yambani 12 pamwamba, 6 pansi, 3 kumanja, 9 kumanzere, enawo awiriawiri m'mipatamo. Dulani muvi umodzi waufupi, wonenepa, mubowole pakati n'kumanga ndi kawaya. Wautali usungeni kaye m'thumba.

Lozetsani muviwo pa 7 ndendende, muziti 7 koloko. Pa 8, 8 koloko. Izi sizivuta, mphindi zisanu wagwira. Kenako uyendetseni pang'onopang'ono kuchoka pa 7 n'kuuimitsa pakati pa 7 ndi 8. Apa mufunseni, "Wafika pa 8?" Ayankha kuti ayi. "Nanga wachokera pati?" Pa 7. Basi, hafu pasiti 7. Ine m'kalasi ndimawauza za minibasi: yanyamuka ku Kasungu kupita ku Lilongwe, ili pa Mponela, kodi tinganene kuti yafika? Ayi. Timatchula kumene muvi wachoka, osati kumene ukupita. Onetsetsaninso kuti akudziwa mbali imene muvi umayendera, kuchoka pa 12 kutsikira kwa 1, apo ayi "kumene wachoka" adzakulozerani 8.

Akakhoza kasanu motsatana osaphonya, tulutsani wautali uja. Ntchito yake lero ndi ziwiri zokha. Ukaima pa 12 ndi koloko. Ukatsikira pa 6 wayenda theka la ulendo wake, mphindi 30 mwa 60, ndiye hafu. Za 5, 10, 15 zija musaziyambe lero, chonde asuweni, ndimakudziwani inu mukayamba chinthu mumafuna muthere pomwepo. Koma chenjerani apa: mukamaika wautali pa 6, waufupinso muzisuntha ufike pakati. Akuluakulu ambiri amausiya uli pa 7 ndendende n'kumati hafu pasiti 7. Wotchi yeniyeni siima choncho, ndipo mwana akazolowera zimenezo, tsiku loona yeniyeni adzati hafu pasiti 8.

Tsopano masewera ofananitsa. Dulani makadi 13. Pa makadi 6 mujambulepo mawotchi, chivindikiro cha botolo chachikulu chikuthandizani kuzunguliza: 3:00, 3:30, 4:30, 6:00, 6:30 ndi 12:30. Pa ena 6 mulembe nthawi zomwezo m'manambala, ngati mmene zimaonekera pa foni yanu yokondedwayo. Khadi lotsalalo lembanipo 5:30, lopanda mnzake. N'chifukwa chiyani? Mukapanda kutero, khadi lomaliza amangolilumikiza poti latsala lokha, osawerenga n'komwe. Mawotchi yalani pamphasa, a manambala mumupatse m'manja, aziika lililonse pansi pa wotchi yake. Musamuthandize, ndipo nkhope yanu ija isamuuze yankho.

Nthawi zimenezi sindinangotola ayi, muli misampha. Akatenga wotchi ya 3:30 n'kuikapo 4:30, ndiye kuti akutchula kumene muvi ukupita. Mudzaona 4:30 yeniyeniyo waipatsa 5:30 uja, zonse zasunthira kutsogolo. Bwererani ku minibasi. Akasinthanitsa 6:00 ndi 12:30, vuto ndi lina, sakusiyanitsa mivi. Pa 6:00 waufupi uli pa 6, wautali pa 12. Pa 12:30 wautali ndiye uli pa 6, waufupi uli pakati pa 12 ndi 1. Zimaoneka ngati zofanana, mzere woima. Pamenepo phimbani wautali ndi chala, mufunse waufupi uli pati. Mukhozanso kupaka waufupi makala kuti ude. Ya 6:30 imawakola chifukwa mivi yonse yaunjikana pansi, ena amangoti 6 koloko poona wautali pa 6. Mankhwala ake ndi omwewo, chala pa wautali.

Zonsezi mphindi 20 zakwana, mwana akayamba kuyasamula siyani, mawa lilipo. Akakhoza onse, sinthanani, iye akupatseni makadiwo inu mulakwitse dala limodzi. Ngati adzaseke n'kukukonzani, wadziwa. Inu mwina simudzachita kulakwitsa dala, koma izo n'zanu.

Ndiye waufupi poyamba, asuweni, nthawi zonse. Ali pa nambala, koloko. Ali pakati, hafu, n'kutchula imene wadutsa. Wautali ndi mboni chabe, malume anakhala zaka zonse zija opanda mboni.

Aaa, ndipo wotchi ija ili kuti kodi? Mlongo wanu anati anaitenga pa maliro kuti akaikonzetse, mpaka lero. Ali m'gulu lomwe lino, ndikuona wamvera mauthenga onse koma ali chete. Achimwene, tikufuna muvi umodzi womwewo, musaikemo wina. Inu asuweni mujambule makadiwo munditumizire ndione kaye musanamupatse mwana, makamaka ya 12:30, waufupi ukhale pakati pa 12 ndi 1. Foni ikuzima iyi, magetsi anapita m'mawa.